CS50x: musalipire kaye, muyambe mwaiona

"Abale, ndili ku Mufakose ku Harare, ndikufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu apakompyuta. Ena akuti ndichite CS50x ya ku Harvard ija. Alipo waichita? Ndi ya anthu oyamba kumene? Nanga ndilipire satifiketi?"

Achemwali, ine ndinaimaliza, choyamba ndalama yanuyo ibwezeni kaye mthumba. Kosi yonse ndi yaulere pa cs50.harvard.edu/x, mavidiyo, manotsi, ntchito zonse, ndipo mukapeza 70% pa ntchito iliyonse kuphatikiza pulojekiti yomaliza amakupatsani satifiketi ya CS50 osalipira kanthu. Yolipira ija ndi ya edX, madola opitirira 100, zophunzira zake ndi zomwezo ndendende. Mutha kuigula mutamaliza ngati abwana ena aifunsa, ine mpaka lero palibe wandifunsa.

Chimene chimadya ndalama kuno ndi deta. Lekichala imodzi ya a David Malan imatenga pafupifupi maola awiri, ndiye ine ndinkachita dawunilodi ya 360p pa wayifayi kuntchito mtauni ndikumaonera mu kombi pobwerera ku Highfield. Zilembo zimachepa pa 360p koma manotsi olembedwa alipo pomwepo, khodi mumaionera mmenemo. Koma ntchito zimalembedwa pa cs50.dev, pamafunika akaunti ya GitHub ndi intaneti nthawi yonse imene mukulemba, ndiye magetsi akapita netiweki nayo ikagwa basi mwakhala. Pa foni yokha musadzivute, pezani laputopu olo yakale.

Za oyamba kumene, eya, koma liwiro lake si lamasewera. Sabata 0 ndi Scratch, kulumikiza timabuloko ngati ana, munthu umadziona ngati katswiri ndithu. Sabata 1 akuponyani mu C, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Pali ntchito ina yotchedwa Mario, kumanga kapiramidi ka zizindikiro za # kotsamira kumanja, msinkhu ukakhala 4 kazioneka chonchi:

```
   #
  ##
 ###
####
```

Kuona ngati zachibwana eti? Ine zinanditengera masiku atatu. Chinsinsi chake nchoti mzere woyamba uli ndi mipata 3 ndi # imodzi, wachiwiri mipata 2 ndi # ziwiri, ndiye mipata ndi msinkhu kuchotsa nambala ya mzere, ndipo pamafunika lupu, khodi yobwereza chinthu kangapo, mkati mwa lupu inzake. Ine ndinkawerenga mizere kuyambira 0 koma samu ya mipata ndikuichita ngati ndayambira 1, mpata umodzi umapitirira mzere uliwonse, ndi maso osaona cholakwika koma `check50`, kapulogalamu koyesera ntchito yanu, kumangondipatsa tinkhope tofiira tokwiya. Ubwino wa kosiyi uli pamenepo, `check50` imakuonetsani chimene imayembekezera ndi chimene pulogalamu yanu yatulutsa, simudikira mphunzitsi. Mukakhutira mumatumiza ndi `submit50`.

Phiri lenileni lili pa sabata 4 ndi 5, za memore ndi mapoyinta, omwe amaloza malo mu memoremo. Apa mumapempha nokha malo mu memore ndi `malloc`, mukamaliza mubweze ndi `free`, mukagwira malo osakhala anu pulogalamu imangofa ndikulemba `segmentation fault` osakuuzani mzere wake. Pa Speller ya sabata 5, yofufuza mawu olembedwa molakwika, yanga imapereka mayankho olondola koma ikulepherabe mbali imodzi, kenaka `valgrind` ndi imene inandionetsa kuti sindimabweza memore yonse pomaliza. Ndinakhala pamenepo mwezi wathunthu, kunama ayi, ndinatsala pang'ono kuisiya. Mawu oti "sabata" asakupusitseni, ndi dzina chabe la gawo, mumayenda pa liwiro lanu. Ine ndi ntchito yamasana yonse inanditengera miyezi 7.

Mukangodutsa apo mumapuma. Sabata 6 ndi Python, zimene munalira nazo mu C mukuzilemba mu mizere yochepa mpaka kukwiya kuti bwanji sanayambire pamenepa, koma nthawi imeneyo mumakhala mukudziwa zimene zikuchitika pansi pake. SQL ya sabata 7, yogwirira ntchito ndi madatabesi, ndi imene ine ndimagwiritsa ntchito kwambiri pano. Koma HTML, CSS ndi JavaScript zonse aziunjika mu sabata 8 yokha, kenaka Flask yopangira mawebusaiti mu Python sabata 9, kungolawitsa basi, ndiye ngati cholinga chanu ndikupangira anthu mawebusaiti kuti muzipeza ya lendi msanga, mudzafunika kosi ina pamwamba.

Kanthu kena, ntchito zina zimabwera ziwiriziwiri, yopepuka ndi yolemera, mumasankha imodzi. Tengani yopepuka opanda manyazi, satifiketi ndi yomweyo. Sabata 3 chitani Runoff, Tideman musiyeni kaye.

Ndiye yambani lero, mukafike pa Mario. Ikakutengerani masiku angapo koma mukumafunabe kubwererako madzulo, pitirizani. Mukakakamira ponyani chithunzi cha zimene `check50` yalemba muno mugulupu, osati khodi yonse, malamulo awo salola kugawana mayankho.