Reti ya dola ikusiyana pa invoisi imodzi yomweyo, nditani?

"Achimwene, ndikutumiza nandolo matani 24 ku India kudzera ku Beira. Pa invoisi mnyamata wanga walemba madola ndi makwacha omwe koma ejenti wathu akuti reti sikufanana mzere ndi mzere. Ine ndikuona ngati zili bhobho. Ndingacheke bwanji ndisanasaine?"

Bambo, musasaine kaye, ejentiyo akunena zoona. Ndayang'ana pepala mwanditumiziralo ndipo chochita chake ndi chimodzi basi, pa mzere uliwonse tengani makwacha mugawe ndi madola a pamzere womwewo. Yankho lake ndiye reti yomwe inagwiradi ntchito, kaya pamwamba pa pepala alembapo reti yanji.

Mzere woyamba, nandolo, $14,400 ndipo makwacha alemba K25,214,400, mukagawa ikubwera 1,751. Mzere wa thiransipoti $2,200, makwacha K3,777,400, ikubwera 1,717. Wa inshuwalansi $350, makwacha K595,000, apa ikubwera 1,700 ndendende. Ndiye pepala limodzi lili ndi mareti atatu.

Manambala amenewatu sikuti angochokera m'mutu ayi, iliyonse ili ndi kwawo. 1,751 ndi mtengo womwe banki imakugulitsirani dola, pomwe wa cha m'ma 1,717 ndi womwe banki imagulira dola kwa inu, ndiye mwina mnyamata wanuyo mzere wina anayang'ana mbali yogulitsa ya bolodi la kubanki, mzere wina mbali yogula. 1,700 ija ndi yakale, ndi ya nthawi ija Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, isanasunthenso kufika pa 1,751 mu Malichi 2024. Mukaona nambala yozungulira bwino choncho dziwani kuti munthu anailemba ndi dzanja mkati mwa fomula ya Excel kalekale, ndipo invoisi iliyonse amangokopera yakale ija nkusintha deti ndi dzina la kasitomala. Izi zimandiwawa kwambiri chifukwa zimatha chaka munthu osadziwa.

Pano thotolo yanu ya makwacha ndi K29,586,800. Mizere yonse ikanayenda pa 1,751, madola 16,950 aja akanakhala K29,679,450. Kusiyana kwake K92,650. Pa katundu wa mamiliyoni 29 mwina muziti ndi zochepa, koma vuto si kukula kwa ndalamayo, vuto ndi loti invoisi, Form 12 ya MRA yolengeza katundu ku kasitomu ndi fomu ya CD1 ya kubanki yolengeza ndalama zakunja zikuyenera kumalankhula chimodzi, zikasemphana mafunso amayamba ndipo lole imatha kugona pa boda ya Mwanza mukuthamangitsa mapepala.

Koma si kusiyana kulikonse komwe kuli kulakwitsa reti. Tiyerekeze mnyamatayo anawerengera pa kilo, $0.60 kuchulukitsa ndi 1,751 ndi K1,050.60, iye nkungoti K1,051 kuti zioneke bwino, kenako kuchulukitsa ndi makilo 24,000. Apeza K25,224,000, yaonjezekera ndi K9,600, ndipo mukagawa reti ituluka 1,751.67. Ndiye reti ikasiyana ndi matambala chabe kapena kwacha imodzi osakwana, vuto ndi kudula matambala msanga, chulukitsani madola a mzere wonse osati mtengo wa kilo. Komanso mzere wina ukakhala wa randi mwachidziwikire reti yake ikhala ina, apo onani kaye chizindikiro cha ndalama musanakalipire munthu.

Mu Excel, ngati madola ali mu C ndipo makwacha ali mu D, fomula yoyambayi ndi yochekera. Yachiwiri ndi yokonzera, reti muiike mu selo imodzi yokha F1, mizere yonse izitenga pamenepo:

```
=ROUND(D2/C2,2)
=ROUND(C2*$F$1,2)
```

Nanga mu F1 mulembe reti iti? Pa za kasitomu musadzisankhire nokha, sisitimu ya kasitomu ya ASYCUDA World imakhala ndi reti yake yomwe imagwiritsa ntchito tsiku lomwe ejenti akulowetsa dikilareshoni, ndiye mufunseni reti yomwe ikuoneka mu sisitimu tsiku limenelo, muilembe pa invoisi pamodzi ndi deti yake. Ndalama zikadzalowa ku banki, madola omwe mudzasinthe adzayendera reti yogulira ya tsiku limenelo, makwacha ake sadzafanana ndi a pa invoisi ndipo palibe cholakwika, zimenezo akauntanti amazilemba padera m'mabuku mwanu.

Ine maganizo anga, makwacha achokeretu pa invoisi yopita kwa wogula. Mmwenyeyo munagwirizana naye madola, alipira madola, makwachawo alibe nawo ntchito, asungeni pa pepala lanu la mu ofesi. Ngati ejenti akuwafuna ndithu, sindikizani invoisi yatsopano ya reti imodzi, yakaleyo muilembe kuti yathetsedwa, musafufute ndi bolopeni. Ndipo mutsegulenso mainvoisi omwe munatumiza kale kuyambira Malichi 2024, ndikukaikira kuti 1,700 ija ili pa mzere wa inshuwalansi wa pepala ili lokha.