Panelo ya mazoni kapena ya maadiresi pa loji yosanjikiza?

"Ndikumanga loji ku Katoto, yosanjikiza katatu, zipinda zogona 36, khitchini ili pansi. Wina akuti panelo ya alamu ya moto ya mazoni 8 ikwanira, wina akuti ndigule ya maadiresi, yodula kwambiri. Nditsate uti?"

Bambo, ganizirani mlonda wanu alamu italira 2 koloko usiku. Panelo ya mazoni imadziwa waya wokha. Maditekita onse a zoni imodzi, kutanthauza chigawo chimodzi cha nyumba, amakhala pa waya umodzi wotsekedwa ndi karizisita kumapeto, ndiye imodzi ikamva utsi, pamangoyaka ZONE 3. Mlondayo akwera, apeza zitseko 12 zokhoma, alendo ali mtulo, ayambe kugogoda chimodzichimodzi utsi ukuchuluka. Pa ya maadiresi, waya umachoka pa panelo, kuzungulira nyumba n'kubwereranso, ndipo ditekita iliyonse ili ndi nambala yakeyake. Sikirini imalemba ROOM 27. Pamalo ogona anthu, ine ndimasankha imeneyi mosazengereza. Ikanakhala nyumba yosungira katundu ku Luwinga, poti ukangolowa waona ponseponse, ya mazoni ikanakwana.

Komatu mazoni amagawidwabe ngakhale mutagula ya maadiresi. Muyezo wa ku Britain wa BS 5839 umati zoni isapitirire masikweya mita 2,000, pa panelo ya mazoni munthu asayende mamita opitirira 60 m'zonimo asanaone pomwe pali moto, ndipo nyumba ikaposa masikweya mita 300, zoni isaphatikize pansi ndi pamwamba. Kwa inu ndiye kuti pansi, pakati ndi pamwamba ndi mazoni atatu. Masitepe akhale zoni yawoyawo, chifukwa utsi umakwera nawo ngati chumuni n'kukusokonezani komwe wachokera. Khitchini ndimaipatulanso, ndipo muikemo ditekita yomva kutentha, osati utsi, apo ayi alamu izilira nthawi iliyonse akamakazinga nsomba, mpaka antchito adzazolowera kungoizimitsa.

Chomwe ndimadandaula nacho ndi okonza ena omwe amasiya maayisoleta, tizipangizo topatula gawo lomwe mawaya agundana kuti kwinako kuzigwirabe ntchito, pofuna kutsitsa mtengo. Waya wozungulirawo ukaduka pamalo amodzi, panelo imafikabe mbali zonse ziwiri, imangolemba FAULT. Koma mawaya akagundana popanda ayisoleta, nyumba yonse imakhala yopanda chitetezo. Ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu komanso makoswe a m'denga, zimenezi zimachitika. Onetsetsani kuti pamalire pa zoni iliyonse pali ayisoleta.

Ngati thumba lavuta, tengani ya mazoni, koma pamwamba pa chitseko chilichonse panja aikepo kanyali kamene kamayaka ditekita ya m'chipindamo ikamva utsi.

Musanalipire, afunseni ogulitsawo: panelo ikafuna kukonza, amisiri ake ali konkuno kapena mpaka achokere ku Lilongwe? Afunseninso za mabatire. Magetsi a ESCOM akazima, ayenera kuyendetsa panelo maola 24, n'kutsalabe ndi mphamvu yolizira alamu mphindi 30.