Kagalu ka m'thumba la feteleza

"Tatola kagalu m'ngalande ku Mchesi mvula ikugwa, wina anakamangira m'thumba la feteleza. Ana akuti dzina lake likhale Anakutaya. Mukuona bwanji?"

Achemwali, maganizo a anawo ndi abwino, koma dzinalo ine ndikukana. Kwathu kuno dzina la galu limalankhula ndi anthu. Kumudzi munthu akayambana ndi mnzake ankatcha galu wake Mundiderenji kapena Adzatopa, n'kumamuitana mokweza kuti uthenga ufike kuseri kwa mpanda. Ndiye taganizani mukukuwa kuti "Anakutaya!" m'mawa uliwonse pa lendi, pomwe khomo loyandikana nalo pali mayi amene banja lake latha chaka chomwechi. Adzakhulupirira ndani kuti mukuitana galu?

Pa nkhani yonse ya tsikulo tengani chinthu chimodzi chooneka ndi maso, chimene sichiloza munthu chala. Muli ndi ngalande, mvula, thumba ndi Mchesi. Mvula ndi dzina lokoma, vuto lake mukaliitana mu Januwale anthu onse athamangira kukaanula zovala. Mchesi musiyireni kondakitala wa minibasi. Ngalande likutheka, kungoti limakoka pakamwa galu akamathamangira kumsewu. Ine ndingasankhe Thumba: ndi lalifupi, limamveka patali, silifanana ndi "choka", "khala" kapena "bwera" zimene muzidzamuuza tsiku ndi tsiku, ndipo mlendo akafunsa kuti bwanji Thumba, anawo apeza pofotokozera nkhani yawo. Ena akuuzani kuti Mwayi kapena Chisomo poti kanapulumuka. Pamzere wa nyumba zanu sipangalephere mwana wa dzina limenelo, ndipo makolo ake sadzaseka nanu.

Mukagwirizana, nonse pakhomo muziitana chimodzimodzi, osati uyu Thumba, uyu Tiger. Tengani usipa pang'ono m'manja, tchulani dzinalo kamodzi, kakangotembenuka n'kukuyang'anani mukapatse nthawi yomweyo. Chitani zimenezi kwa mphindi zochepa, kangapo patsiku, poyamba m'nyumba mopanda phokoso, kenako panja. Kakapanda kutembenuka musabwerezebwereze dzinalo. Sendererani pafupi, muyesenso. Mudzadziwa kuti kalimva pamene kazidzasiya chimene kakununkhiza n'kubwera, m'manja mwanu mulibe kanthu. Chimene chimaononga ndi kukalipa ndi dzina lomwelo. Kagalu kamene kanazunzidwapo kakamva dzina lake limodzi ndi tsache, kayamba kupinda mchira n'kuthawa mukakaitana.

Dzinalo lidzalembedwanso pa khadi la katemera, choncho musankhe musanapite nako ku LSPCA, bungwe losamalira zinyama ku Lilongwe, kapena kwa alangizi a ziweto. Musachedwe, chifukwa galu wotola mbiri yake simuidziwa: akaunike, akapatse mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo akuuzani ngati kafika msinkhu wobayitsa katemera wa chiwewe, amene kawirikawiri amayambira pa miyezi itatu. Kakaluma kapena kukanda mwana, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.