Ndamutseka kasanu, koma akubwerabe

"Pali wina akuyesa mapasiwedi pa seva ya loji yathu kuno ku Senga Bay. Ndatseka adilesi yake kasanu, mawa lake wabweranso. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, taonaninso maadilesi asanuwo bwinobwino. Ngati akufanana ndi `2001:db8:4a:7::91c2`, imeneyo ndi IPv6, ndipo mupeza kuti magulu anayi oyamba sakusintha, chikusintha ndi kumapeto kokha. Adilesi yotereyi ili ndi mabiti 128. Mabiti 64 oyamba, omwe ndi magulu anayi aja, ndi a netiweki, pomwe 64 otsalawo foni kapena kompyuta imadzipangira yokha, nthawi zambiri tsiku lililonse. Sikuti munthuyo ndi katswiri ayi, makina ake ndi amene amangotero. Ndiye kutseka imodziimodzi mudzatopa pachabe.

Tsekani netiweki yonseyo polemba `/64` kumapeto, kutanthauza maadilesi onse ofanana mabiti 64 oyamba:

```
ip6tables -I INPUT -s 2001:db8:4a:7::/64 -j DROP
```

Akabweranso gulu lachinayi litasintha, ndiye kuti mwina kampani yake ya intaneti inamupatsa `/56`, yomwe muli ma `/64` okwana 256. Apo mutha kukulitsa, koma ine `/48`, yomwe ndi yaikulu kuposa pamenepo, sindiithamangira, chifukwa mutha kutsekera limodzi alendo osalakwa ofuna kubuka chipinda. Chiletsocho chikhale cha masiku ochepa, poti foni ikazimitsa data n'kuyatsanso imatha kulandira `/64` ina, yakaleyo n'kupita kwa wina.