Musanasaine pepala la lendi kuno ku Joni

Achimwene amene mwangofika kumene, ndikudziwa kuti mwatopa kugona pabalaza kwa anzanu. Komabe landilodi akakupatsani cholembera, musathamangire kusaina. Akafuna kuti mungogwirizana pakamwa ngati kumudzi, pemphani pepala. Lamulo la nyumba za lendi la kuno ku South Africa, la 1999, limati wobwereka nyumba akapempha, mwini wake ayenera kulemba mgwirizanowo.

Zoyambirira n'zosavuta: dzina lanu monga lilili mu pasipoti, dzina la landilodi ndi adiresi yake, chipinda chenichenicho, lendi ya pamwezi, tsiku lolipira, ndiponso kuti idzakwera liti komanso motani. Onaninso ngati madzi ndi magetsi zili mkati mwa lendiyo. Chipinda cha R2,500 chimasanduka cha R3,000 ngati pepala lili chete pa zimenezi.

Koma pamene ambiri tinalirira ndi pa dipoziti. Tinene kuti mwapereka R2,500. Ndalamayi ilembedwe mumgwirizano, ndipo mulandire lisiti lokhala ndi tsiku. Si ya landilodi ayi. Lamulo limati aisunge kubanki komwe izipanga chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho n'chanu.

Musanalowetse katundu, muyendere chipindacho limodzi ndi mwini wake, n'kulemba chilichonse chowonongeka: galasi losweka, mpopi wodontha, loko wovuta, khoma lothimbirira. Nonse musaine, pepalalo limatidwe kumgwirizano, zithunzi mujambulenso pafoni. Ine chipinda changa choyamba ndinachita manyazi kuloza chitseko chong'aluka, poopa kuoneka wovuta. Potuluka anandidula R800 ya chitseko chomwecho, ndipo ndinalibe poyambira.

Pepalalo linenenso za tsiku lobweza dipoziti. Mumayenderanso nyumba limodzi m'masiku 3 omaliza a mgwirizano. Ngati palibe chowonongeka ndipo mulibe ngongole, ndalama yonse ibwerere pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, yotsala ibwere pasanathe masiku 14 mutabweza nyumbayo kwa landilodi, ndipo muli ndi ufulu woona malisiti ake. Mukajomba poyenderapo, mudzadikira mpaka masiku 21, ndiye osajomba. Akajomba ndi landilodi, lamulo limatenga kuti wavomereza kuti nyumba ili bwino, sangakuduleni ya zowonongeka.

Mukaona mawu akuti dipoziti sibwezedwa zivute zitani, ikani cholembera pansi.

Werenganinso za notisi, chifukwa ntchito zathu zimatha mwadzidzidzi. Mgwirizano wa mwezi ndi mwezi umafuna notisi ya mwezi wathunthu, ndipo muzipereka yolemba. Wa chaka mukausiya panjira pamakhala chilango cha ndalama, choncho funsani kuti n'zingati musanasaine. Mipata yosalembedwa idulidwe mzere, tsamba lililonse musainepo, ndipo kope yanu mutuluke nayo tsiku lomwelo. Zikadzavuta, kopeyo ndi malisiti ndi zimene mudzapite nazo ku Rental Housing Tribunal ya m'chigawo chanu, bwalo lomva milandu ya lendi, komwe kudandaula n'kwaulere.