Chida chimodzi chakale chikhoza kuchedwetsa waifai ya ofesi yonse

"Pa ofesi yathu tilipo anthu asanu ndi atatu ndipo tonse timagwiritsa ntchito rauta imodzi. M'mawa intaneti imathamanga, koma ikamakwana 9 koloko zonse zimayamba kukwawa, ngakhale pa mafoni atsopano. Kodi tisinthe kampani, kapena tigule rauta ina?"

Mayi, za kusintha kampani ndiwasiyire ena, koma musanamvere amene akukuuzani kuti mugule bandulo yaikulu, ndikupemphani kuti muyambe mwafufuza chida chimene chimayatsidwa cha m'ma 9 koloko. Ine ndinataya ndalama pa vuto lofanana ndi limeneli. Pa ofesi ina yomwe ndinkagwirako ntchito tinakweza bandulo kawiri, tikumanyoza kampani ya intaneti tsiku ndi tsiku, pamene wolakwa anali laputopu yakalekale yolembera malisiti, yomwe inkakhala m'chipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa makoma awiri a njerwa.

Chimene chimachitika n'chakuti pa tchanelo imodzi ya waifai, chida chimodzi chokha ndicho chimalankhula pa nthawi imodzi, ndipo zina zonse zimadikira kuti chimalize. Zili ngati pa mjigo pamene aliyense amaloledwa kutunga ndowa imodzi kenako n'kupereka mpata kwa mnzake. Lamuloli limaoneka lachilungamo, koma ngati pamzerepo pali munthu wopopa pang'onopang'ono, onse amabwerera kunyumba mochedwa, ngakhale anyamata amphamvu, chifukwa chimene akugawana mofanana ndi ndowa osati nthawi. Marauta ambiri otsika mtengo amagawa mpata m'njira yomweyi.

Chida chogwiritsa ntchito muyezo wa waifai wotchedwa 802.11b, womwe unatuluka mu 1999, sichipitirira mamegabiti 11 pa sekondi, ndipo chikakhala kutali ndi rauta chimatsika mpaka kufika pa megabiti imodzi. Muyezo wa 802.11g wa mu 2003 umafika pa 54, pomwe 802.11n wa mu 2009 umapitirira pamenepo kwambiri. Tsono tengani kamtolo kamodzi ka uthenga ka mabayiti 1,500, omwe ndi mabiti 12,000. Pa liwiro la megabiti imodzi kamtoloka kamatenga mamilisekondi 12, pomwe pa liwiro la 54 sikafika ngakhale kota ya milisekondi imodzi. Ngati zida ziwirizi zikusinthana mpata, kamtolo kamodzi aliyense, chida chothamangacho chimatumiza kake m'kanthawi kochepa n'kudikira mamilisekondi 12 kuti chinzake chimalize, motero zonse ziwiri zimathera pa liwiro losafika n'komwe megabiti imodzi. Izi ndi zimene zinkatichitikira ife nthawi iliyonse imene laputopu ija inkatumiza mafayilo, ndipo mafoni athu ankaonetsa timizere todzaza bwinobwino, zomwe zinkatisokoneza kwambiri.

Palinso vuto lachiwiri lomwe limakhalapo ngakhale chida chakalecho chitangokhala chete. Chida cha 802.11b sichimva kalankhulidwe ka zida zatsopano, choncho chikhoza kuyamba kulankhula pamene china chili mkati motumiza uthenga. Pofuna kupewa zimenezi, rauta ikangoona kuti chida chotere chalumikizidwa imalamula zida zonse kuti zisanatumize kanthu ziziyamba zalengeza m'kalankhulidwe kakale kuti mpata watengedwa. Kulengeza kumeneku kumadya nthawi pa kamtolo kalikonse. Kuchedwa kwake sikufika pa kuja ndafotokoza pamwambapa, koma kumamveka ndithu anthu akachuluka.

Njira yodziwira ngati vuto lanu ndi lomweli siifuna ndalama. Nthawi imene zinthu zikukwawa, lumikizani kompyuta imodzi ku rauta ndi chingwe, muyese liwiro. Ngati pa chingwe zikuthamanga koma pa waifai zikuchedwa, kampani ya intaneti ilibe mlandu, ndipo bandulo yaikulu sidzasintha kanthu. Ngati zikuchedwa ponseponse, vuto lili kwina ndipo zonse ndikunenazi sizikukhudzani. Mukatsimikiza kuti ndi waifai, zimitsani zida zakale chimodzichimodzi, muzimitsiretu osati kungotseka chivindikiro, n'kumayesa liwiro mukazimitsa chilichonse. Musaiwale pulinta, chifukwa anthu ambiri saiwerengera m'gulu la zida za pa netiweki. Pa kompyuta ya Windows yomwe mukuikayikira, tsegulani Command Prompt n'kulemba izi:

```
netsh wlan show interfaces
```

Yang'anani mzere wa Radio type, womwe ukuuzani muyezo umene kompyutayo ikugwiritsa ntchito, komanso mzere wa Transmit rate. Mukaona 802.11b, kapena nambala yosapitirira 11, mwampeza munthu wanu. Dziwaninso kuti chida chatsopano chomwe chili kutali kwambiri ndi rauta nacho chimatsika liwiro n'kumadya nthawi ya anzake chimodzimodzi, kotero ukalamba si mlandu wokhawo.

Mukachipeza, mankhwala abwino koposa ndi kuchichotsa pa waifai n'kuchilumikiza ndi chingwe, ndipo ndi zimene tinachita ife ndi laputopu ija. Chingwe cha mamita khumi sichidula poyerekeza ndi rauta yatsopano. Ngati chingwe sichingafike, kachida ka waifai kolowetsa pa USB kamagulidwa pa mtengo wa pafupifupi madola khumi kapena khumi ndi asanu, ngakhale kuti m'makwacha mitengo imasintha kawirikawiri, ndipo kamapatsa kompyuta yakale muyezo watsopano. Onetsetsani kaye kuti kachidako kamagwira ntchito pa Windows ya m'kompyutayo, chifukwa makompyuta akale kwambiri amakana tizida tatsopano.

Kenako lowani m'makonzedwe a rauta, omwe nthawi zambiri amapezeka pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, koma adiresi yeniyeni imalembedwa kunsi kwa rautayo. Pa gawo la mafunde a waifai a 2.4 GHz pezani pamene palembedwa Mode, ndipo ngati pali b/g/n musinthe kuti pakhale g/n kapena n yokha. Apa ndikuchenjezeni kwambiri, chifukwa chida chilichonse chomwe sichidziwa muyezo mwasankhawo chidzachoka pa netiweki nthawi yomweyo popanda kukuuzani chifukwa chake. Ine ndinasankha n yokha tsiku Lachisanu madzulo, ndipo Lolemba m'mawa pulinta ya ofesi inali itasowa, anthu akundiyang'ana ngati ndine ndaiba. Yambani ndi g/n, muyese chida chilichonse, ndipo muchite zimenezi anthu ataweruka.

Muli komweko, yang'anani chitetezo chimene chasankhidwa. Anthu ena amasiya WEP kapena TKIP kuti chida chimodzi chakale chizitha kulowa, osadziwa kuti muyezo wa 802.11n sulola liwiro lake lalikulu pa chitetezo chimenechi, motero netiweki yonse imaima pa 54 ngakhale rauta ndi mafoni zikhale zatsopano. Sankhani WPA2 yokhala ndi AES. Ngati mungaone mawu akuti Airtime Fairness, yatsani, chifukwa amenewo ndi amene amachititsa rauta kugawa nthawi mofanana m'malo mwa timitolo, kuti wochedwayo azichedwa yekha.

Pa za kugula rauta ina, ndingavomereze pokhapokha ngati imene muli nayo ilibe mafunde a 5 GHz kuwonjezera pa a 2.4 GHz. Yotsika mtengo yokhala ndi mafunde onse awiri imayambira pa madola makumi atatu kapena anayi. Zida za 802.11b ndi 802.11g sizitha kulowa pa 5 GHz, choncho mukapatsa mafunde awiriwa mayina osiyana n'kusamutsira mafoni ndi malaputopu atsopano kumeneko, zakalezo zimatsala zokha pa 2.4 GHz. Komabe 5 GHz imafooka msanga ikamadutsa makoma a njerwa, ndiye ikani rautayo pamalo okwera, pakati pa zipinda zimene anthu amakhalamo, osati m'kabati ya abwana.