Auzeni ngongole yonse, osadula ngakhale kwacha imodzi

"Ndabisa dzina, mundikhululukire. Ndimagwira ntchito mu ofesi, ndikadali mnyamata. Ndaluza ndalama zambiri kubeti, ndakongola kwa akatapila kuti ndibweze zomwe ndinadyedwa, nazonso zapita. Kunyumba sakudziwa kanthu. Ndiwauze kapena ndiyambe ndabweza kaye?"

Achimwene, simubweza kaye ayi. Mawu amenewo a "kaye" ndi amene anandisunga ine m'manja mwa munthu wakatapila mpaka ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa nkhani yanuyi ndi yanga ndithu.

Ndinkalandira K320,000 pamwezi atadula msonkho. Ndinayamba ndi matikiti a mpira a K1,000 Loweruka, kenako ndinalowa kandege, ndipo mukudziwa nonse m'gulu muno kuti kameneko sikadikira Loweruka. Ndinkasewera pa nthawi ya nkhomaliro, m'minibasi, ngakhale m'chimbudzi cha kuntchito. Mwezi wina ndinadyetsa ndalama ya lendi pamodzi ndi K90,000 imene achemwali anga a ku Joni anatumizira pa foni yanga kuti ndigulire amayi fetereza. Mnzanga wa mu ofesi ndiye anandiperekeza kwa bambo wina wakatapila. Anandipatsa K150,000, chiwongoladzanja theka pamwezi, nkutenga khadi yanga ya ku banki ndi nambala yake yachinsinsi. Ndikanapita nazo molunjika kwa alandilodi ndi kogula fetereza bwenzi nkhani ili yaing'ono. Ndinati ndiikeko pang'ono kuti ndipeze yomubwezera msanga. Pofika mawa lake m'mawa zinali zitatha.

Tsono onani m'mene katapila amadyera munthu, chifukwa ambiri timangowerengera mwezi woyamba. Pakutha pa mwezi ngongole ya K150,000 inali K225,000. Ndikapereka yonseyo nditsala ndi K95,000 ya lendi, thiransipoti ndi chakudya, zosatheka. Bamboyo amadziwa zimenezi, ndiye amakuuza mokoma kuti "ingosiyani chiwongoladzanja chokha, inayo tidzaona mwezi wamawa." Ndinapereka K75,000 kwa miyezi itatu, yonse pamodzi K225,000, koma K150,000 ija ili chikhalire osasuntha. Mwezi wachinayi ndinamupempha kuti andidumphitse. Anavomera akumwetulira, ndipo K225,000 inasanduka mutu wa ngongole, kutanthauza kuti mwezi wotsatira ndimayenera kupereka K337,500, kuposa malipiro anga onse. Pamenepo ndinali nditatenganso adivansi kuntchito, kangongole ka pa foni, ndi K80,000 ku banki mkhonde m'dzina la msuweni wanga.

Tsiku lolandira malipiro ndi limene sindidzaliiwala. Ndili pa desiki, meseji inalowa kuti ndalama zafika. Ndisanaimirire n'komwe, mameseji ena anayamba kulowa motsatizana, munthu akutapa pa ATM ndi khadi yanga, ine ndikungoyang'ana foni ikuwala pambali pa kiyibodi. Chimene anasiya sichimakwana ndi thumba la makala lomwe. Masana ake anabwera yekha ku ofesi, nkukhala pa mpando wa alendo, nkumauza mayi wolandira alendo mokweza kuti akufuna "mnyamata wanu wa juga uja." Abwana anga anatuluka nkumva zonse. Munthu ameneyu mpaka lero ndikamuganiza mtima umandiwawa. Ankadziwa bwinobwino kumene ndalama zake zikupita, ndinamuuza ndekha, ndipo m'malo mondikaniza ankandifunsa ngati ndikufuna kuwonjezera. Mnzanga wondiperekeza uja ndinadzamva kuti amalandirako kenakake pa munthu aliyense amene wabweretsa. Tsiku limenelo anangoweramira pa kompyuta yake ngati sakundidziwa.

Loweruka lake ndinakwera minibasi kupita kumudzi ku Ntcheu ndi ndalama yopempha. Sindinayambire kwa bambo. Ndinapita kwa amalume, ndipo iwo ndi amene anaitana makolo anga madzulo pakhonde. Amayi anali akutong'ola chimanga m'lichero. Nditatchula za fetereza anasiya, nkuika lichero pansi, nkundifunsa kuti, "Ndiye uja unkati kudepoti watha, unali bodza?" Chaka chimenecho anabzala popanda fetereza wokwanira chifukwa cha ine. Bambo sanakalipe, anangofunsa kuti zonse pamodzi ndi zingati. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, achimwene. Ndinatchula ya katapila yokha, ya banki mkhonde ndi ya pa foni ndinabisa chifukwa cha manyazi. Patapita masabata angapo amayi a banki mkhonde anapita kukatenga matilesi ndi wailesi kwa msuweni wanga, nkhani nkufika kumudzi kudzera kwa anthu ena. Bambo anakwiya ulendo wachiwiriwu kuposa woyamba, ndipo anakhala nthawi yaitali osayankha foni yanga. Za juga anali atandikhululukira kale, chimene chinawapweteka ndi chakuti ndinawanamiza atakhala pansi kuti andithandize.

Choncho musanapite, tengani pepala. Lembani aliyense amene ali nanu ngongole, munatenga zingati, mwapereka kale zingati, ndi zimene akufuna panopa. Tengani sitetimenti ya ku banki ndi ya ndalama za pa foni, muwaonetse okha, chifukwa pakamwa mudzadula basi. Pitani ndi munthu wamkulu amene bambo anu amamumvera.

Kwa wakatapila musapitenso nokha. Amalume anapita nane atanyamula pepala lija, nkumuwerengera zonse zimene anali atalandira kale pa K150,000 yake. Anamuuza kuti timupatsa mutu wa ngongole basi, akakana tikakumane kukhothi, pakuti khothi lili ndi mphamvu yotsitsa chiwongoladzanja chonyanya. Anachita phokoso koma analandira, ndipo anasaina kuti zatha pamaso pa mboni. Tsiku lomwelo ndinapita ku banki kukatseketsa khadi ija nkutenga yatsopano. Inunso tsekani yanu, koma muchite zimenezi mutakonza kale zokakambirana naye, apo ayi adzakupezani kuntchito monga anachitira ine.

Bambo anagulitsa ng'ombe kuti ndalama ya wakatapila ipezeke, ndipo popanda iyo sindikudziwa kuti ndikanathera kuti. Komabe ine ndikuti musalole kuti akulipirireni zonse. Ngongole itangochoka ndinapepukidwa, ndipo malipiro otsatira atalowa chala chinkapita chokha pa kandege. Chinandipulumutsa ndi chakuti achemwali anaumirira kuti khadi yatsopano isungidwe ndi amalume aang'ono amene amakhala mu Lilongwe momwemuno, ine ndizingolandira ya thiransipoti ndi ndiwo sabata iliyonse, yotsala izipita ku banki mkhonde ndi kubweza ng'ombe. Ndikudziwa, ndangonena kumene kuti kupereka khadi kwa munthu ndiko kunandipha. Perekanibe, koma kwa wachibale amene safuna phindu pa inu. Lemberaninso kampani ya beti kuti atseke akaunti yanu, chifukwa kufufuta apu pa foni sikuthandiza, mudzaiikanso usiku umodzi timu yanu ikusewera.

Ndipo ngati maganizo ofuna kudzichotsera moyo ayamba kukubwererani, monga ankandibwerera ine sabata ya ku ofesi ija, musadikire za Loweruka kapena ndalama ya minibasi. Imbirani m'bale wanu usiku uno, kapena pitani kuchipatala mukanene. Mukafuna woti akuthandizeni kuwerengera pepala lija musanapite kunyumba, auzeni a adimini akulumikizeni ndi ine.